Ntchito Zimene Zimalamula Tsiku Lotsegulira Msewu

Pamalo pamene akumanga msewu, nkhani m'minibasi sizisowa. Fumbi lili koboo, galimoto ikugwedezeka pa kamsewu kongoyembekezera, wina akaona mlatho wosatha, zitsulo zili njo popanda wantchito ngakhale mmodzi, amafulumira kugamula kuti kontilakitala wagona. Anzake amavomereza. Koma patsogolo pang'ono, pamene polo ya magetsi yaima pakati penipeni pa malo odzadutsa phula, onse amangoyang'ana kumbali ngati palibe kanthu.

Injiniya woyang'anira ntchitoyo akhoza kuona zosiyana kotheratu. Mwina mlathowo ungakhale mwezi wathunthu osakhudzidwa koma tsiku lotsegulira msewu osasuntha, pamene polo ijayo, ikangokhalitsa masiku ochepa kupitirira malire ake, ichedwetsa chilichonse. Injiniyayo salosera. Ali ndi masamu ake, osavuta kwenikweni, ongophatikiza ndi kuchotsera, amene amamuuza ntchito zimene zingadikire, utali wa nthawi imene zingadikire, ndi zimene sizingadikire ngakhale tsiku limodzi. Masamuwa amadziwika ndi zilembo zoti CPM, ndipo mtima wake ndi kupeza njira yolamula, mndandanda wa ntchito zotsatizana umene ndi wautali kuposa mindandanda ina yonse.

Luso limeneli linayambira ku America cha m'ma 1957, pamene Morgan Walker wa kampani ya DuPont ndi James Kelley wa kampani ya Remington Rand ankafuna njira yokonzera ntchito zomanga ndi kukonzanso mafakitale a mankhwala mothandizidwa ndi makompyuta oyambirira. Mu 1959 awiriwa anafotokoza poyera za njirayi, ndipo posakhalitsa omanga misewu, milatho ndi madamu anayamba kuigwiritsa ntchito. Kale lonse anthu ankadalira tchati cha mizere yopingasa cha Henry Gantt, chimene chimaonetsa bwino tsiku loyamba ndi lomaliza la ntchito iliyonse koma sichinena kuti ntchito iti ikudikira iti. Funso limenelo ndi limene CPM inabwera kudzayankha.

Msewu wa makilomita 10

Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekeza, ndipo manambala ake asankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Pali msewu wafumbi wa makilomita 10 woti uthiridwe phula, ndipo pakati pake pali kamtsinje kofunika mlatho waung'ono wa konkire. Wokonza ndondomeko wagawa ntchito yonse m'zigawo zisanu ndi zinayi.

Choyamba ndi kupima ndi kukhoma zikhomo, masabata 2. Popanda zikhomo palibe amene akudziwa pamene msewu udutse, choncho ntchito zitatu zikudikira opima: kusamutsa mapolo a magetsi ndi mapaipi a madzi, masabata 6, ntchito ya dothi, ndiye kuti kulambula, kukumba pokwera ndi kudzaza potsika, masabata 8, komanso maziko a mlatho, masabata 6. Maziko akatha pamabwera pamwamba pa mlatho, masabata 10. Kuyala gelevulo ndi miyala ya kwale, masabata 7, sikungayambe ntchito ya dothi isanathe komanso mapolo ndi mapaipi zisanachoke. Kuthira phula, masabata 5, kumadikira miyalayo komanso phula lenilenilo, limene kuchokera poliitanitsa mpaka kufika pamalo limatenga masabata 10, koma kuitanitsako kungachitike tsiku loyamba lomwe. Pomaliza pali kujambula mizere, kuzika zikwangwani ndi kumanga zotchinga m'mbali, masabata 2, ndipo izi zimadikira phula ndi mlatho womwe.

Masabata amenewa satoledwa m'mwamba. Ngati pakufunika dothi lokwana makyubiki mita 48,000, ndipo matipa, giledala ndi makina otsendera zimene kontilakitala ali nazo zimatha makyubiki mita 1,000 patsiku, ndiye kuti ntchitoyo ndi ya masiku 48. Pogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amenewo ndi masabata 8. Dothi silingokhuthulidwa mulu umodzi. Limayalidwa pang'onopang'ono, mwina masentimita 15 nthawi imodzi, bauza n'kuthira madzi, makina n'kutsendera, kenako munthu wa kulabu amabwera, amakumba kadzenje, amayeza kulemera kwa dothi lotulukamo, n'kudzaza kadzenjeko ndi mchenga wodziwika kulemera kwake kuti adziwe ngati dothi latsenderedwa mokwanira. Likalephera, giledala imagalauzanso ndipo ntchito ibwerezedwa. Momwemonso masabata 10 a pamwamba pa mlatho si onse okhoma matabwa ndi kumanga zitsulo. Ena ndi ongodikira konkire kuti akhwime, pakuti mphamvu yake imayezedwa pa masiku 7 ndi masiku 28 pophwanya timadina ta konkire yemweyo m'makina. Masiku odikirawo ndi ntchito ndithu, ndipo wowaiwala pa ndondomeko wadzinamiza yekha.

Munthu akaphatikiza masabata onse a zigawo zisanu ndi zinayizi apeza 56, kupitirira chaka. Koma ntchito zambiri zimayenda nthawi imodzi, choncho yankho lenileni ndi lina.

Kuwerenga chopita kutsogolo

Kuwerenga koyamba kumafunsa funso limodzi pa ntchito iliyonse: zonse zitayenda bwino, kodi ingayambe msanga liti, nanga ingathe msanga liti? Pa kompyuta nthawi ziwirizi zimalembedwa ES ndi EF. Tsiku loyamba limatchedwa 0, ndipo nambala ngati 10 ikutanthauza kumapeto kwa sabata ya 10.

Opima ayamba pa 0, amaliza pa 2. Phula liitanitsidwa pa 0, lifika pa 10. Zikhomo zikangokhomedwa, magulu atatu alowa pamodzi pa 2: osamutsa mapolo amaliza pa 8, a dothi amaliza pa 10, a maziko a mlatho amaliza pa 8. Pamwamba pa mlatho payamba pa 8, patha pa 18.

Pa kuyala miyala ndi pamene pali lamulo loyamba lofunika kuligwira. Ntchitoyi ikudikira ziwiri, ina yotha pa 8, ina yotha pa 10. Imayamba pamene yomalizira yatha, choncho nambala yotengedwa ndi yaikulu, 10. Kuti mapolo anachoka msanga sikuthandiza kanthu ngati dothi lisanathe. Miyala ndiye iyamba pa 10, itha pa 17. Kuthira phula kukudikiranso ziwiri, migolo ya phula yofika pa 10 ndi miyala yotha pa 17, ndiye kuyamba pa 17, kutha pa 22. Ojambula mizere akudikira mlatho wotha pa 18 ndi phula lotha pa 22, choncho ayamba pa 22 n'kumaliza pa 24.

Msewu wonse ndi wa masabata 24. Ndi anthu ndi makina zimene zilipo, sungathe msanga kuposa pamenepo.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyo

Anthu ambiri akafika pa 24 amaona ngati masamu atha, koma phindu lalikulu lili pa kuwerenga kwachiwiri, kumene kumayambira kumapeto. Tsopano funso latembenuka: kuti msewu uthebe pa 24, kodi ntchito iliyonse ingathe mochedwa kufika liti, nanga ingayambe mochedwa kufika liti? Nthawi izi zimalembedwa LF ndi LS.

Mizere iyenera kutha pa 24, ndiye isayambe mopitirira 22. Zimenezi zikuika malire kwa ntchito ziwiri zoidyetsa: phula ndi mlatho ziyenera kukhala zitatha pa 22. Phula ndi la masabata 5, choncho lisayambe mopitirira 17. Pamwamba pa mlatho ndi masabata 10, choncho pangayambe ngakhale pa 12, ndipo maziko, amene ayenera kutha pa 12, angayambe ngakhale pa 6. Miyala iyenera kutha pa 17, ndiye iyambe pa 10. Migolo ya phula ikufunikanso pa 17, ndiye kuti tsiku lomaliza loitanitsira ndi 7. Mapolo ndi dothi zonse ziyenera kutha pa 10, kutanthauza kuti osamutsa mapolo angayambe pa 4 koma a dothi ayenera kuyamba pa 2.

Lamulo lachiwiri lili pa opima. Magulu atatu akuwadikira, ndipo malire awo oyambira ndi 4, 2 ndi 6. Pobwerera m'mbuyo nambala yotengedwa ndi yaing'ono, chifukwa wofulumira kwambiri ndi amene ayenera kukhutitsidwa. Opima ayenera kumaliza pa 2, ndiye kuti ayambe pa 0. Ziro ameneyu ndi umboni wakuti masamu ayenda bwino. Munthu akabwerera m'mbuyo n'kusafika pa 0 pa ntchito ina iliyonse yoyambirira, ndiye kuti penapake walakwitsa kuchotsera kapena wasokoneza ntchito zodikirana.

Kusiyana kwa nthawi yoyamba msanga ndi nthawi yoyamba mochedwa ndiwo mpata, umene mainjiniya amautcha fuloti. Masamu onse akukwana m'mizere itatu, pamene d ndi kutalika kwa ntchito:

```
EF = ES + d
LS = LF - d
Total Float = LS - ES
```

Zotsatira za msewu wa makilomita 10 uja zili motere:

| Ntchito | d | ES | EF | LS | LF | Mpata |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Kupima | 2 | 0 | 2 | 0 | 2 | 0 |
| Kuitanitsa phula | 10 | 0 | 10 | 7 | 17 | 7 |
| Mapolo ndi mapaipi | 6 | 2 | 8 | 4 | 10 | 2 |
| Ntchito ya dothi | 8 | 2 | 10 | 2 | 10 | 0 |
| Maziko a mlatho | 6 | 2 | 8 | 6 | 12 | 4 |
| Pamwamba pa mlatho | 10 | 8 | 18 | 12 | 22 | 4 |
| Kuyala miyala | 7 | 10 | 17 | 10 | 17 | 0 |
| Kuthira phula | 5 | 17 | 22 | 17 | 22 | 0 |
| Mizere ndi zikwangwani | 2 | 22 | 24 | 22 | 24 | 0 |

Ntchito zisanu zilibe mpata: kupima, dothi, miyala, kuthira phula ndi mizere. Masabata ake, 2 ndi 8 ndi 7 ndi 5 ndi 2, akukwana 24 ndendende. Imeneyi ndiyo njira yolamula, ndipo ndi msana wa ntchito yonse. Tsiku limodzi lotayika pa iliyonse mwa zisanuzi ndi tsiku limodzi lotayika pa msewu wonse. Chochititsa chidwi n'chakuti mlatho, umene ndi wovuta kumanga, wodula, komanso wooneka kwa aliyense wodutsa, suli pa njirayi. Kukhala pa njira yolamula sikutengera kukula kapena mtengo wa ntchito. Kumangotengera malo ake pa mndandanda.

Mpata uli ndi eni ake ambiri

Pa tebuloli maziko ali ndi mpata wa masabata 4, pamwamba pa mlatho palinso masabata 4. Kapitawo wosazolowera akhoza kuphatikiza n'kunena kuti mlatho uli ndi masabata 8 opumira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Masabata 4 amenewa ndi amodzimodzi. Gulu la maziko likachedwa masabata 3 n'kumaliza pa 11, gulu la pamwamba liyamba pa 11, litha pa 21, ndipo latsala ndi sabata imodzi yokha. Likachedwa masabata 4, mlatho wonse walowa pa njira yolamula, ndipo kuyambira pamenepo simenti ikangosowa masiku atatu, msewu wonse wachedwa masiku atatu.

N'chifukwa chake mpata amausiyanitsa pawiri. Mpata wonse ndi nthawi imene ntchito ingachedwe popanda kusuntha tsiku lomaliza la msewu. Mpata wapayekha ndi nthawi imene ingachedwe popanda kusokoneza ngakhale ntchito yotsatira. Maziko ali ndi mpata wonse wa masabata 4 koma wapayekha alibe, pakuti akachedwa tsiku limodzi okhoma matabwa a pamwamba nawonso akhala manja lende tsiku limodzi. Osamutsa mapolo ali ndi masabata 2 amene ndi awoawo, chifukwa a miyala akudikirabe dothi mpaka pa 10. Mu pulogalamu ya Microsoft Project ziwirizi zimaoneka pa mitu ya Total Slack ndi Free Slack, pamene mu Primavera P6 ndi Total Float ndi Free Float.

Mpata ukagwiritsidwa ntchito mwanzeru umapulumutsa ndalama zenizeni. Pakati pa 2 ndi 8, ntchito ya dothi ndi maziko a mlatho zonse zikufuna makina okumbira. Ngati kontilakitala ali ndi amodzi okha, tebulo likumuuza woyamba kupatsidwa: a dothi, chifukwa alibe mpata. Maziko angadikire mpaka pa 6. Ngati kukumba kwakukulu pa msewu kutha sabata ya 6 isanadutse, makinawo atsikira kumtsinje popanda kubwereka ena. Ngati sikutha, ndiye kuti kubwereka makina achiwiri si kuwononga ndalama. Apa pakuonekeranso malire a CPM: masamu ake amaganiza kuti ntchito iliyonse ili ndi makina ndi anthu ake okwanira. Wokonza ndondomeko akapanda kuyang'ana payekha kuti makina amodzi alembedwa malo awiri nthawi imodzi, mpata umene uli papepala sudzapezeka pansi.

Mpata wa phula nawo uli ndi phunziro lake, makamaka kwa dziko ngati Malawi, limene lilibe doko ndipo phula lonse limachokera kunja. Masabata 7 akuoneka ochuluka, ndipo kuitanitsa mochedwerapo kuli ndi ubwino wake, pakuti ndalama sizimangika msanga m'migolo yongokhala padzuwa. Koma masabata 10 aja akudalira kupeza ndalama zakunja ku banki, sitima kufika pa doko ngati la Beira kapena Nacala, ndi matiraki kudutsa pachipata. Zimenezi kontilakitala sazilamula. Mpata wa ntchito yotere si wofanana ndi mpata wa ntchito imene ili m'manja mwake, ndipo wanzeru sadikira mpaka pa 7 kuti alembe oda. Akaitanitsa pa 0 koma ulendo n'kutenga masabata 19, msewu wachedwa masabata 2. Akaitanitsa pa 7 n'kukumana ndi vuto lomwelo, wachedwa masabata 9.

Njira yolamula imasamuka

Tsopano polo ya magetsi ija. Kusamutsa mapolo ndi mapaipi kawirikawiri si ntchito ya omanga msewu. Amagwira ndi eni magetsi ndi eni madzi, atalipidwa, ndipo nthawi zina malo atsopano ozikapo mapolo ali m'minda kapena pakhomo pa anthu amene sanalandire chipukuta misozi. Ntchito ya masabata 6 ikatenga masabata 11, itha pa 13. Masabata 2 oyamba ameza mpata, atatu otsalawo agwera msewu wonse: miyala iyamba pa 13, phula pa 20, mizere pa 25, kutsegulira pa 27.

Pamenepa njira yolamula yasamuka. Tsopano ikudutsa pa kupima, mapolo, miyala, phula ndi mizere, ndipo ntchito ya dothi, imene inalibe mpata, yapeza masabata 3. Kontilakitala amene akukalipirabe oyendetsa giledala kuti agwire usiku akuthamangitsa ntchito imene yasiya kulamula. Woyenera kuthamanga tsopano ndi mwini msewu, amene ali ndi udindo wopereka malo opanda chopinga.

Kusamuka komweku kumachitika pofuna kufupikitsa nthawi. Mwini msewu akapempha kuti ntchito ithe msanga, kuwonjezera amisiri pa mlatho sikungachotse ngakhale tsiku limodzi pa masabata 24 aja. Kungowonjezera mpata umene ulipo kale. Ndalama ziyenera kupita pa njira yolamula. Kontilakitala akabweretsa matipa ena ndi giledala yachiwiri, ntchito ya dothi n'kutsika kuchoka pa masabata 8 kufika pa 5, munthu angayembekezere kupindula masabata 3. Koma dothi likatha pa 7, a miyala adikirabe mapolo mpaka pa 8. Phindu ndi masabata 2 okha, msewu utha pa 22, ndipo ndalama za sabata yachitatuyo zapita pachabe. Mpata wa mlatho nawonso watsika kufika pa 2. Ntchito ikamafupikitsidwa, njira zina zimayandikira kukhala zolamula, ndipo pamakhala malo ambiri oti zinthu zilakwikire. Ichi n'chifukwa chake injiniya wosamala samangoyang'ana ntchito za mpata wa 0 zokha, amayang'anitsitsanso za mpata wa 1 kapena 2.

Dzinja ndi mgwirizano

Masamu onsewa amawerenga masabata ngati ofanana, koma kwa omanga msewu kuno sabata ya mu Julayi si yofanana ndi sabata ya mu Januwale. Mvula ku Malawi imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Dothi lonyowa kwambiri silitsendereka, makina amangolikanda ngati matope. Phula silimata pa miyala yonyowa. Maziko a mlatho sakumbika mtsinje utasefukira.

Msewu wa chitsanzo uja ukayamba pa 1 Meyi, kuthira phula kutha kumayambiriro kwa Okutobala ndipo zonse zitha cha pakati pa mwezi womwewo, mvula isanagwe. Msewu womwewo, makina omwewo, anthu omwewo, koma ntchito n'kuyamba pa 1 Ogasiti chifukwa mapepala kapena ndalama zoyambira zinachedwa, kuthira phula kugwera kumapeto kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Masabata 5 aja sakhalanso masabata 5. Amathira lero, mawa adikira kuti paume, mkuja mvula ina, ndipo miyala yosaphimbidwa imayamba kukokoloka n'kufuna kukonzedwanso. Kuchedwa kwa miyezi itatu kumayambiriro kukhoza kubala kuchedwa kwa dzinja lathunthu kumapeto. Ndondomeko yabwino imakhala ndi makalendala osiyana, imachepetsa masiku ogwira ntchito ya dothi ndi ya phula m'miyezi ya mvula, ndipo mpata umawerengedwa potsatira makalendala amenewo. Ndondomeko imene ikuonetsa phula likuthiridwa mu Febuluwale pa liwiro lofanana ndi la mu Seputembala ndi yokayikitsa, kaya ikhale yokongola chotani.

Nkhani ya mpata imafika mpaka pa ndalama. Misewu yambiri ikuluikulu, makamaka yomangidwa ndi thandizo la mabungwe akunja, imayendera malamulo a mgwirizano a FIDIC. Malamulowa amafuna kuti kontilakitala apereke ndondomeko ya ntchito pasanathe masiku 28 atauzidwa tsiku loyambira, ndipo amene anatuluka mu 2017 amanena mwachindunji kuti ndondomekoyo ionetse nthawi zoyamba ndi zotha msanga, zoyamba ndi zotha mochedwa, mpata, ndi njira yolamula. Kontilakitala akachedwa mwa iye yekha amalipira chindapusa pa tsiku lililonse lopitirira. Akachedwetsedwa ndi mwini msewu kapena ndi zinthu zina zimene mgwirizano unatchula, akhoza kupempha nthawi yowonjezera, ndipo ayenera kupereka chidziwitso pasanathe masiku 28 atadziwa za vutolo.

Nthawi yowonjezerayo imayezedwa ndi njira yolamula. Pa nkhani ya mapolo ija, kuchedwa kunali kwa masabata 5 koma tsiku lomaliza linasuntha ndi masabata 3, choncho pempho lomveka ndi la masabata 3. Mwini msewu akanachedwa masabata 3 kuvomereza mapulani a zitsulo za mlatho, kontilakitala akanatha kudandaula za ndalama zimene wataya posunga amisiri osagwira ntchito, koma tsiku lomaliza silikanasuntha chifukwa mpata wa masabata 4 ukanameza zonse. Apa ndi pamene pamabuka mkangano wakale woti mpata ndi wa yani. Kontilakitala amati ndi wake, poti ndiye anakonza ndondomeko ndipo amafuna kuusungira mavuto ake. Mwini msewu amati ndi wa ntchito yonse, woyamba kuufuna ndiye autenge. Mgwirizano ukapanda kunena momveka, mbali ziwirizi zimakathera kwa oweruza mikangano.

Mvula wamba ya dzinja si chifukwa chopemphera nthawi, popeza aliyense amaidziwa ndipo inayenera kuwerengedwa kale. Nyengo yoipa mopitirira muyeso ndi nkhani ina. Namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera, ndi mtundu wa zinthu zimene ndondomeko wamba singaziyembekezere. Ngakhale zitatero, wopempha nthawi ayenera kuonetsa ntchito za pa njira yolamula zimene zinaima, ndi masiku amene zinaima.

Kudziwa ndondomeko yodalirika

Msewu weniweni suli ndi zigawo zisanu ndi zinayi. Uli ndi mazanamazana, ndipo magulu amatsatana: a miyala sadikira kuti makilomita onse athe, amalowa pamene a dothi apita patsogolo ndi kilomita imodzi kapena awiri. Wokonza ndondomeko amagawa msewu m'zidutswa, chidutswa chilichonse n'kukhala ndi dothi lake, makalavati ake, miyala yake ndi phula lake. Masamu ake ndi omwewa, kungoti kompyuta ndi imene imawerenga. Ndipo poti kompyuta imawerenga chilichonse chimene yapatsidwa, zolakwika zimabisala mosavuta.

Chizindikiro choyamba cha vuto ndi mpata waukulu modabwitsa. Kalavati ikaonetsa mpata wa masabata 20 pa msewu wa masabata 24, pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti wina waiwala kuilumikiza ndi ntchito yotsatira, ndipo kompyuta ikuganiza kuti kalavatiyo ingamangidwe phula litathiridwa kale pamwamba pake. Ntchito iliyonse, kupatula yoyamba ndi yomaliza, iyenera kukhala ndi ina imene ikuidikira ndi ina imene iyo ikudikira.

Chizindikiro china ndi mpata wochepera 0. Mgwirizano ukanena kuti msewu uthe pa 22 pamene masamu akupereka 24, ntchito zonse za pa njira yolamula zionetsa -2. Nambala imeneyi ikunena zoona, kuti tsiku lolonjezedwalo silingatheke ndi ndondomeko imene ilipo. Yesero limene limabwera ndi lofupikitsa masabata papepala kuti manambala agwirizane, osawonjezera tipa ngakhale imodzi. Wofuna kuzindikira zimenezi amangobwerera ku masamu a dothi aja: makyubiki mita 48,000 m'masabata 6 akufuna pafupifupi 1,330 patsiku, ndiye afunse ngati makina amene ali pamalo anafikapo pa nambala imeneyo.

Ndondomeko imafunanso kukonzedwa mwezi ndi mwezi. Pa msonkhano wa pamalo a ntchito, injiniya ndi kontilakitala amalemba tsiku lenileni limene ntchito iliyonse inayamba, zimene zatha, ndi masabata amene atsala, kenako amawerenganso kutsogolo ndi m'mbuyo kuchokera pa tsikulo. Lipoti lonena kuti ntchito yafika pa 60 peresenti silikwanira, chifukwa peresentiyo kawirikawiri imawerengedwa pa ndalama, ndipo kontilakitala akhoza kumaliza mlatho wodula msanga, peresenti n'kukwera, pamene miyala imene ikulamula tsiku lotsegulira yatsalira ndi mwezi. Khansala, mtolankhani kapena komiti ya chitukuko yoyendera msewu ingapeze zambiri pofunsa kuti ntchito zimene zili pa njira yolamula mwezi uno ndi ziti, mpata wa mlatho ndi wa mapolo unali masabata angati mwezi watha ndipo watsala angati, komanso kuti pa ndondomeko yatsopanoyo kuthira phula kukugwera mwezi uti.